GTA V ikukana apudeti ndipo mafayilo akungoonongeka: malo achepa kapena disiki ikufa?

Funso: Abale thandizeni. Ndili ndi laputopu ya kaunjika, disiki ya 500 GB. Apudeti ya GTA V pa Steam imaima ndi "Disk Write Error", malo anali atatsala 9 GB. Ndinafufuta mafilimu, apudeti inatheka, koma tsopano gemu ikumadzitseka ndi ERR_GEN_ZLIB_2. Ndinapanga verify, inapeza mafayilo awiri oonongeka n'kuwakonza. Patatha masiku awiri yapezanso atatu. Bandulo yatha kawiri. Ndifufute zonse ndidawunilodenso?

Yankho: Achimwene, musafufute kanthu ndipo musagulenso bandulo kaye. Zimene mwafotokozazi zikuoneka ngati matenda awiri osiyana amene angokumana pa makina amodzi. Loyambalo ndi la malo, ndipo mwalithetsa kale pang'ono. Lachiwirili ndi limene likundidetsa nkhawa, chifukwa fayilo imene yakonzedwa bwinobwino siyenera kuonongekanso yokha. Ikamaonongekanso, pali chinthu pa makinapo chimene chikuiononga, ndipo kudawunilodanso kungokhala kutunga madzi ndi dengu.

Ndiyambe ndi za malo, poti anthu ambiri zimawasokoneza. Steam ikanena kuti apudeti ndi 3 GB, imeneyo ndi mbali yokhayo yodutsa pa intaneti. Mafayilo a GTA V ndi akuluakulu, aja othera ndi .rpf, ndipo fayilo imodzi imatha kukhala ya magigabaiti angapo. Posintha kachidutswa kakang'ono m'kati mwa fayilo yotere, Steam imamanga fayilo yonse yatsopano mu foda ya steamapps\downloading, yakaleyo ikadali pomwepo, ndipo imasinthanitsa pomaliza. Ndiye apudeti ikakhudza mafayilo amene onse pamodzi ndi 15 GB, pamafunika 15 GB yopanda kanthu kuonjezera pa 3 GB ija. Pa 9 GB yanuyo panalinso Windows, imene imakulitsa pagefile.sys, fayilo yogwira ntchito ngati ramu yoonjezera pa disiki, ramu ikadzadza. Kulemba kunafika pakhoma, basi uthenga wa Disk Write Error. Pa gemu yaikulu chonchi ine ndimalangiza kusiya malo osachepera 30 GB musanayambe apudeti. Kumbukiraninso kuti disiki yolembedwa 500 GB imaoneka ngati 465 GB mu Windows, ndi kawerengedwe chabe, palibe chimene chinabedwa.

Kupeza malo n'kosavuta. Lembani cleanmgr pa Start, dinani Clean up system files, musankhe Windows Update Cleanup ndi Previous Windows installation(s) ngati ilipo. Ngati simugwiritsa ntchito hibernate, tsegulani Command Prompt ngati Administrator mulembe:

```
powercfg /h off
```

Izi zimachotsa hiberfil.sys, imene pa makina a ramu ya 8 GB imadya magigabaiti atatu kapena kuposerapo.

Tsopano nkhani yeniyeni. Kuchepa kwa malo kumasiya fayilo yosamalizidwa kulemba, ndipo kuthima kwa magetsi pakati pa apudeti kumachitanso chimodzimodzi, makamaka laputopu ya kaunjika imene batire yake inafa kalekale. Koma kuonongeka kwa mtundu umenewu kumachitika kamodzi. Mukakonza, zatha. ERR_GEN_ZLIB_2 ikutanthauza kuti gemu inawerenga deta yopanikizidwa n'kulephera kuimasula chifukwa zimene inawerengazo sizikugwirizana ndi zimene zinalembedwa. Mafayilo atatu atsopano patatha masiku awiri, malo alipo, ndi chizindikiro choti mwina disiki siikusunga bwino zimene yapatsidwa.

Disiki yokhala ndi mbale zozungulira m'kati imasunga deta m'timagawo ting'onoting'ono totchedwa masekita, ta mabaiti 512 kapena 4096. Mbale zake zikakalamba, kapena laputopu ikagwa ili yoyaka, masekita ena amafooka. Disiki ikalephera kuwerenga sekita, imaiika pamndandanda wa okayikitsa. Steam ikalembanso fayiloyo, deta imapita pamalo abwino, kapena disiki imasamutsira sekita yodwalayo ku masekita osungira amene inabwera nawo kufakitale. N'chifukwa chake gemu inakhala bwino kwa masiku awiri. Kenako masekita ena oyandikana nawo anafookanso, fayilo ina n'kugwa. Gemu ya magigabaiti oposa 100 imatenga gawo lalikulu la disiki ya 465 GB, ndiye imakhala yoyamba kuponda pamalo oola, zikalata zanu zazing'ono zikuoneka ngati zili bwino.

Musatengere mawu anga okha, funsani disikiyo. Dawunilodani CrystalDiskInfo, ndi yaulere komanso ndi yaing'ono, siidya bandulo. Mukaitsegula, pakona yakumanzere pali bokosi la Health Status: la buluu ndi Good, lachikasu ndi Caution, lofiira ndi Bad. Koma musathere pa mtunduwo. Pitani pa Function, Advanced Feature, Raw Values, musankhe 10 [DEC] kuti manambala aoneke m'kawerengedwe kathu ka masiku onse. Kenako yang'anani kumapeto kwa mizere inayi iyi, pa Raw Values.

Mzere wa 05, Reallocated Sectors Count, ndi masekita amene anafa kale n'kusamutsidwa. Mzere wa C5, Current Pending Sector Count, ndi amene akulephera kuwerengeka panopa, ndipo umenewu ndi umene umagwirizana kwambiri ndi vuto lanuli. C6, Uncorrectable Sector Count, ndi amene disiki yayesetsa n'kulephereratu. Pa disiki yathanzi itatu yonseyi imakhala 0. Wachinayi ndi C7, UltraDMA CRC Error Count, ndipo umenewu ndi wina: ukamakwera pomwe atatu aja ali 0, vuto lili panjira pakati pa disiki ndi bodi, kaya ndi kebulo kapena polumikizira pakhwefuka. Pamenepo kuchotsa disiki n'kuibwezeretsa mothina, kapena kusintha kebulo, kumathetsa nkhani. Nambala ya C7 siibwerera pa 0, chofunika n'choti isiye kukwera.

Tiyerekeze kuti mwapeza 05 ili pa 24, C5 ili pa 8, bokosi ndi lachikasu. Jambulani ndi foni. Pitani pa Steam, dinani GTA V ndi batani lakumanja, Properties, Installed Files, Verify integrity of game files. Ntchito imeneyi imawerenga fayilo iliyonse ya gemu, ndiye ndi mayeso abwino a disiki, ndipo kuwerengako sikudya deta ya intaneti, imadyedwa pokhapokha ikayamba kudawuniloda zokonzera. Ili m'kati, tsegulani Task Manager, Performance, Disk. Disiki yozungulira yathanzi imawerenga mafayilo aakulu pa liwiro la 60 mpaka 100 MB pa sekondi. Mukaona Active time yamata pa 100% koma Read speed yagwera pa 0, Average response time ili m'masauzande a ms, mausi ikuuma, mwina n'kumamvekanso kaphokoso ka "tike, tike" pansi pa kiyibodi, ndiye kuti disiki ikubwerezabwereza kuwerenga sekita imodzi. Ikamaliza tsegulaninso CrystalDiskInfo. Ngati C5 yachoka pa 8 kufika pa 16, kapena 05 yakwera, musavutikenso ndi mayeso ena, disikiyo ikufa. Masekita ochepa osamutsidwa amene akhala pa nambala imodzi kwa miyezi sindimachita nawo mantha kwambiri, koma nambala yoyenda siibwerera m'mbuyo.

Pali mboni ina yomwe ili kale mu Windows. Lembani eventvwr, pitani pa Windows Logs, System, muyang'ane mizere imene Source yake ndi disk. Event ID 7 imanena poyera kuti pali "bad block", pomwe 51 ndi 153 zimasonyeza kuti kuwerenga kapena kulemba kunalephera n'kubwerezedwa. Onani ngati nthawi yake ikugwirizana ndi nthawi imene gemu inadzitseka.

Pano ndikupempheni chinthu chimodzi, chifukwa wina m'gulu muno akuuzani kuti mupange chkdsk /r. Musayambire pamenepo. Lamulo limenelo limawerenga disiki yonse sekita ndi sekita kwa maola ambiri, ndipo disiki yodwala imatha kufera m'njira, zithunzi ndi zikalata zanu zili momwemo. Komanso chkdsk siichiritsa mbale, imangouza Windows kuti izilambalala pamalo oipawo. Choyamba koperani zinthu zimene simungazipezenso kwina: zithunzi, masatifiketi, ntchito za kusukulu, ndi foda ya Documents\Rockstar Games momwe muli masevu anu. Gemu ibwere pambuyo.

Gemuyo musaitaye, chifukwa mafayilo ambiri ndi abwino ndipo munawalipira ndi bandulo. Kukopera ndi mausi kumaima pa fayilo yoonongeka, ndiye lembani ichi mu Command Prompt, E: ikhale disiki yakunja:

```
robocopy "C:\Program Files (x86)\Steam\steamapps\common\Grand Theft Auto V" "E:\Grand Theft Auto V" /E /R:1 /W:1
```

Musaiwale /R:1 /W:1, chifukwa popanda zimenezi robocopy imayesanso fayilo yokanika mpaka maulendo 1 miliyoni, n'kumadikira masekondi 30 ulendo uliwonse. Disiki yakunjayo ikhale ya NTFS kapena exFAT. FAT32 siilandira fayilo yofika 4 GB.

Kenako gulani SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, imene imalowa pomwe pali disiki yakaleyo. Ndinganene 480 kapena 512 GB, chifukwa pa 256 GB mukaika Windows ndi GTA V mutha kubwereranso pa vuto la malo lija. Ngati mukugula pamsika kwa munthu amene simukumudziwa, iyeseni ndi H2testw musanaikemo kanthu. Pali mafulashi ndi ma SSD achinyengo amene amaonetsa kukula kwabodza, ndipo deta ikapitirira kukula kwenikweni imaonongeka mwakachetechete, zizindikiro zake zofanana ndendende ndi zanuzi. Mukaika Windows ndi Steam, bwezerani foda ija mu steamapps\common ndi dzina lomwelo, ndiye mudine Install. Steam imapeza mafayilo amene alipo kale n'kudawuniloda okhawo osowa kapena oonongeka, magigabaiti ochepa m'malo mwa gemu yonse.

Nanga mukapeza 05, C5, C6 ndi C7 zonse zili pa 0, mu eventvwr mulibe kanthu? Pamenepo kayikirani ramu. Deta yonse imadutsa mu ramu isanalembedwe komanso ikamawerengedwa, ndiye ramu yolakwitsa imaononga mafayilo pa disiki yabwinobwino. Chizindikiro chake n'chakuti mukapanga verify kawiri motsatizana, osasewera pakati, nambala ya mafayilo olephera imasinthasintha, makina osachedwa konse. Lembani mdsched.exe, mulole makina ayambirenso n'kudziyesa, kapena MemTest86 ngati mukufuna mayeso ozama. Ngati muli timitengo tiwiri ta ramu, chotsani kamodzi muyese kotsalako, kenako musinthanitse. Ngati ramu ilinso bwino, mwina magetsi anathimira laputopu ikulemba, ndiye mukakopera zinthu zanu pangani chkdsk C: /f, muonenso mu Protection history ya Windows Security ngati simunagwidwe fayilo ya gemu.

Tumizani pano chithunzi cha CrystalDiskInfo, mizere ya 05, C5, C6 ndi C7 ioneke bwino pamodzi ndi Power On Hours, musanapange verify komanso mutapanga. Mpaka tione zimenezo, laputopuyo musamaisunthe ili yoyaka, ndipo yambani kukopera zithunzi zanu lero lomwe.