Usadine kalikonse, ndimvere kaye

"Asuweni, ndege yanga ya Lachisanu aikansela ndipo sanandipatse ina. Ndikufuna ndiwalembere kalata andibwezere ndalama zanga. Ndiyambe bwanji?"

Eee, msuweni... dikira nditseke chitseko kaye. Eya. Koma iwe ndimakudziwa, kuyamba kalata sikungakuvute. Si iwe unkalembera agogo makalata onse aja? Chimene ukufuna kwa ine ndi chilolezo choti uwatukwane. Sindikupatsa.

Ukukumbukira za amalume, abambo ako aang'ono aja? Chaka cha maliro... ayi, ndanama, chinali chaka chotsatira, nkhani ya galimoto ija itatha kale. Ndege yawo anaikansela iwo ali pabwalo, jekete yabulauni ija ili m'thupi, sutikesi atamanga ndi lamba. Atabwerera anakhala patebulo usiku wonse. Masamba anayi! Anafotokoza kuti iwo ndi ndani, zaka zimene anagwira ntchito, mmene mtsikana wa pakauntala anawayankhira osawayang'ana kumaso. Anandiwerengera ataimirira, chala m'mwamba ngati ali paguwa, azakhali ali pakhomo akugwira pakamwa kuti asaseke. Ine ndikuti, amalume, nambala ya tikiti ili pati? Iwo amvekere, "Akundidziwa amenewo." Hahaha! Akudziwani kuti?

Patapita milungu yankho linabwera, mizere iwiri: titumizireni nambala ya tikiti. Koma chimene chinawagwetsa si chimenecho ayi. Tsiku lomwe ndege inakanselidwa kunabwera imelo yokhala ndi batani, yowapatsa vocha yoti adzayendere ulendo wina. Iwo anadina, ati ankaganiza kuti akuvomera kuti uthenga auona. Ndiye akampani anangoti, bambo, munasankha nokha vocha. Vochayo inali ya chaka chimodzi, inathera m'Baibulo mwawo, pa Masalimo. Mpaka lero ukaitchula amasintha nkhani.

Nchifukwa chake ndikuti... iwe, sunadine kale eti? Ndiuze zoona. Usavomere vocha. Akansela ndi iwo, sanakupatse ndege ina, ndiye choyenera kubwera ndi ndalama, ngakhale tikiti yako ikhale yotchipa ija yolembedwa non-refundable. Mawu amenewo amagwira ntchito ukasintha maganizo ndiwe. Ndiponso usakalowe pa webusaiti yawo n'kukansela wekha, makina adzalemba kuti wasiya ulendo mwa kufuna kwako.

Kalatayo ikhale yaifupi, yosadzaza tsamba. Pamwamba dzina lako monga lilili pa tikiti, kenako PNR, nambala yosungitsira malo ija ya zilembo ndi manambala 6, ndi nambala ya tikiti, ya manambala 13. Nambala ya ndege ndi tsiku. Ukatero chiganizo chimodzi: munakansela ulendo wanga, simunandipatse wina. Chachiwiri: ndikufuna ndalama zonse zibwerere njira imene ndinalipirira, vocha sindikuilandira. Lembamo mawu akuti involuntary refund, momwemo, ndi dzina limene iwo amaitchula nkhani yotereyi, wowerengayo adziwiratu poiika. Ngati unalipira padera katundu kapena kusankha mpando, tchulanso, zimenezo amakonda kuziiwala. Ndipo ngati ndi tikiti yopita ndi kubwera, nena kuti ukufuna ya mbali zonse, poti wobwerera uuyenda bwanji usanapite?

Aa, ndinaiwala. Phatikizapo uthenga wokansela uja, ujambule pafoni lero lomwe, ndi risiti. Uwapatse masiku 14, ulembe deti lenileni. Ngati ndegeyo imanyamukira dziko la mu mgwirizano wa EU, tchula lamulo lawo nambala 261 la 2004, limati abweze pasanathe masiku 7, ndipo vocha ndi pokhapokha iwe wavomera. Ku America ndi masiku 7 ogwira ntchito ngati unalipira pa khadi ya ngongole. Kwina konse, tsegula Conditions of Carriage, malamulo awo a maulendo, pa webusaiti yawo, upeze ndime ya kubweza ndalama, uwakopere mawu awo omwe.

Unagula wekha kapena kudzera kwa ejenti? Chifukwa ngati ndi ejenti, ndalama nthawi zambiri zimadzera komweko, ndiye kalata ipite konse kuwiri, asamakuponyerane ngati mpira. Akakhala chete deti lija n'kudutsa, ndipo unalipira pa khadi, pita ku banki ukadandaule kuti unalipira ulendo umene sunachitike. Kumenekonso kuli malire a nthawi, usagone nazo.

Ndiye wamva? Ndalama, osati vocha. Mkwiyo wakowo unditumizire ine, ndiumvera ndikutsuka mbale. Ulembe, unditumizire ndione usanatumize, ndikapezamo mawu akuti "mwandikhumudwitsa kwambiri" ndifufuta. Batani lija usalikhudze, msuweni. Ndipo amalume asamve kuti ndakuuza za Masalimo... aa, ali m'gulu muno eti? Mayo ine.