Mafunso amene amatsegula macheza pambuyo pa moni

"Ndikapatsana moni ndi apongozi anga kumudzi, timathera pa 'tili bwino, kaya inu', kenaka tonse timangokhala chete. Ndiwafunse chiyani kuti tichezeko?"

Vuto ndi lakuti moni wathu amadziyankha yekha, chifukwa munthu ngakhale akudwala amayamba wanena kuti ali bwino. Mafunso onga akuti "Mvula ikugwa?" kapena "Mwakolola?" nawonso safika patali, popeza yankho lake ndi "eya" kapena "ayi" basi. Funso lotsegula macheza limakhala ndi mawu monga "bwanji" kapena "zinatani", ndipo limagwira chinthu chimodzi chimene munthuyo akuchidziwa kuposa inu.

Tiyerekeze kuti mwafika mwezi wa Meyi ndipo mwapeza chimanga chili pabwalo. M'malo mofunsa ngati akolola bwino, nenani kuti, "Amayi, munda wa kudambo uja unachita bwanji chaka chino poyerekeza ndi wa kumtunda?" Akayankha kuti wa kudambo unalowa madzi mu Febuluwale, musathamangire ku nkhani ina, koma mutole mawu awo omwewo ndi kufunsa kuti anapulumutsako bwanji mbewu zotsalazo. Apa mpamene funso lotseka, loyankhidwa ndi "eya" kapena "ayi", limathandiza, pakuti kufunsa mwachidule kuti "Ndi mbewu yamakolo ija?" kumasonyeza kuti mukumvetsera.

Chenjerani ndi "chifukwa chiyani", popeza kwa akuluakulu limamveka ngati mukuwazenga mlandu, ndipo kufunsa chiwerengero cha matumba kumaoneka ngati mukuwerengera nkhokwe yawo. Mukaona kuti mayankho akufupika, lekani kufunsa, muwafotokozereko za ulendo wanu kapena za ana, chifukwa mafunso otsatizana amatopetsa.