Kulembetsa VAT: yambani mwaona dzina lomwe lili pa mapepala a pabodala

"Amayi, ndimakatenga matailosi ndi penti ku Dar es Salaam, ndipo chaka chino malonda akwera ndithu. Anzanga akuti ndilembetse VAT, ena akuti ndidziika ndekha m'kamwa mwa mkango. Nditani?"

Achemwali, choyamba onkhetsani ndalama zonse zomwe mwagulitsa pa miyezi 12, osati phindu ayi, ndalama yonse yolowa. Lamulo lili ndi malire, ndipo mukawadutsa nkhani yosankha yatha, MRA imafuna mulembetse. Malirewo anali K10 miliyoni, kenako anawakweza kufika pa K25 miliyoni, ndipo amasuntha ndi bajeti, choncho mukapita ku ofesi yawo funsani a chaka chino. Kwa ife a matailosi ndalama zotere sizichedwa kukwana, maulendo ochepa chabe.

Ngati mudakali pansi pa malire, apo ndiye pali zoganiza. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti VAT mukulipira kale. Katundu akafika pa Songwe, amawerengera mtengo wake, kuikapo dyute, ndipo pamwamba pa zonsezo amaika VAT. Wosalembetsa ndalama imeneyo imangomira mu mtengo wa katundu. Wolembetsa amaichotsera pa VAT yomwe watolera kwa makasitomala, n'kupereka yotsalayo.

Tiyeni tiwerenge ndi 16.5 peresenti, mlingo womwe tinagwiritsa ntchito zaka zambiri m'mbuyomu. Ngakhale mlingo usinthe, kawerengedwe kake n'komweko. Tinene kuti katundu wanu pamodzi ndi dyute wakwana K4,000,000. VAT ya pabodala ndi K660,000, ndiye mwawononga K4,660,000. Mwagulitsa yense pa K5,825,000. Musanalembetse, mwatsala ndi K1,165,000, thiransipoti tisanachotse. Mutalembetsa n'kugulitsa pa mtengo womwewo, mkati mwa ndalama ija muli VAT ya K825,000. Mukachotsapo K660,000 ya pa Songwe, ku MRA mupereka K165,000, inu n'kutsala ndi K1,000,000. Mwaluza, inde, koma si mkango womwe anzanuwo akunena.

Mkango weniweni uli pa mapepala. Ambirife timaphatikiza katundu m'thiraki imodzi, ndipo mwini thiraki kapena ejenti amakiliyalitsa yense m'dzina limodzi, ife n'kumangolipira pa katoni. N'zophweka, ndipo inenso ndinayenda choncho nthawi yaitali. Koma pepala la kasitomu likakhala lopanda dzina lanu ndi nambala yanu ya msonkho ya TPIN, K660,000 ija simungaichotsere, ngakhale inatuluka m'chikwama mwanu. Mupereka K825,000 yonse, phindu n'kutsika kufika pa K340,000. Ine zinandigwera mwezi wanga woyamba. Ndinapita ndi fotokope ya pepala la mwini thiraki ndili ndi chikhulupiriro chonse, wondiwerengera mabuku anangoliyang'ana n'kundibwezera. Kuyambira pamenepo ndimauza ejenti tisananyamuke kuti katundu wanga alembedwe payekha, ngakhale amandilipiritsa kowonjezera. VAT yomwe mwalipira mu shopu ya ku Tanzania nayo musaiwerengere, imeneyo si ya MRA.

Kenako onani amene amakugulani. Ngati ndi anthu omanga nyumba zawo, obwera ndi ndalama m'manja kudzatenga makatoni khumi, lisiti ya VAT alibe nayo ntchito, amangoyang'ana mtengo. Mukakweza kuti mubweze K165,000 ija, awolokera kwa mnzanu wa shopu yoyandikana. Koma kontirakitala kapena kampani yolembetsa VAT imawerenga mwina. Ikagula kwa wosalembetsa, K5,825,000 yapita yonse. Ikagula kwa inu ndi lisiti yovomerezeka, K825,000 idzaichotsera, ndiye katundu waigwera pa K5,000,000. N'chifukwa chake ena amakufunsani kaye kuti, "Muli pa VAT?" asanamve n'komwe mtengo. Ine ndinalembetsa chifukwa cha funso limeneli, nditaphonya maoda awiri otsatizana.

Makontirakitala omwewo ali ndi vuto lawo: amakonda ngongole. Mukadula invoisi mwezi uno, VAT yake imafunika pofika pa 25 mwezi wamawa, kaya akulipirani kaya ayi. Ndalama yomwe mumati mukaodere ulendo wina imapita ku msonkho, inu mukudikira cheke. Ndipo fomu ya mwezi ndi mwezi pa Msonkho Online siidumphidwa. Ngakhale mwezi womwe munali kumaliro kumudzi osagulitsa kanthu, mumatumizabe yosonyeza ziro, apo ayi chindapusa chikupezani.

Ndiye kwa inu ndinganene chonchi: ngati oposa theka la malonda anu akupita kwa makampani, ndipo ejenti wanu wavomera kulemba katundu m'dzina lanu, lembetsani osadikira malire. Ngati mukugulitsabe kwa anthu wamba ndipo katundu akubwera m'dzina la mwini thiraki, konzani kaye za mapepalazo ulendo ukubwerawu, ndipo muzilemba zogulitsa tsiku lililonse m'kope kuti malire asakudutseni muli mtulo.