Meshi ikuyabwa, ikununkha ndipo kutsogolo tsitsi likuthothoka

"Amayi a pagulu pano thandizeni. Ndinalukitsa meshi yaitali ku Luchenza masabata 3 apitawo. M'mutu mukuyabwa, ndinachapa kamodzi koma tsitsi linayamba kununkha chinyontho. Kutsogoloku tizingwe tiwiri tagwa pamodzi ndi tsitsi langa. Ndichape bwanji, ndidzole chiyani? Kapena ndingomasula?"

Achemwali, musamasule mutu wonse ayi, koma mzere wakutsogolowo umasulidwe lero lomwe. Tengani kachingwe kamene kagwako mukayang'anitsitse. Ngati kutsinde kwa tsitsi lanulo kuli timitu toyera, tsitsilo lazuka ndi mizu chifukwa cholemedwa komanso kukokedwa. Tsitsi la pachipumi ndi la m'mbali mwa makutu ndi lopyapyala kuposa la pakati pa mutu, ndiye woluka akatapa katsitsi kochepa n'kukamangirira meshi yofika m'chiuno, katsitsiko kamakhala kakusenza katundu usana ndi usiku. Pamene pakukokedwa pamaoneka: pamatuluka tiziphuphu patsinde pa chingwe, khungu limawawa mukalikhudza, ndipo ena amamva kukoka ngakhale akamaseka. Zija amatiuza kusaluni zoti "pirirani, mawa zifewa" ine sindigwirizana nazo. Kuluka kofuna kumwera panado ndi kothina mopitirira. Mukachita changu tsitsilo limameranso, koma pakamakokedwa choncho chaka ndi chaka mizu imafa, pamasalala osameranso. Mzerewo mukaulukitsenso ndi tizingwe topepuka, wolukayo atape tsitsi lochulukirapo pa chingwe chilichonse, ndipo timatsitsi tating'ono ta m'mphepete atisiye. Musamangenso meshi yonse mfundo imodzi pamwamba pa mutu tsiku lililonse, poti mfundoyo imakoka malo omwewo.

Tsopano za fungo. Vuto si kuchapa, vuto ndi kuuma. Kuno kwathu chiperoni akagwa amatha masiku angapo dzuwa osaoneka, zovala zomwe pachingwe zimakana kuuma. Nanga meshi yothithikana? Pamwamba imaoneka youma pamene m'kati mwa chingwe, momwe muli tsitsi lanu, mudakali madzi. Mukafunda duku kapena kugona nalo choncho, m'mawa ndi fungo lija, kuyabwa n'kuwonjezekanso. Ndiye tsiku lochapa muzilisankha poyang'ana kumwamba. Kukacha bwino chapani m'mawa, lisanafike 9 koloko, kuti tsiku lonse likhale loumitsira. Kukakhala nkhungu dikirani, kapena chapani n'kupita kusaluni kukakhala mu dulaya ya moto wapakatikati. Pofuna kudziwa ngati lauma, finyani chingwe cha kunkhongo pafupi ndi khungu. Chikamazizira m'zala, sichinaume.

Kachapidwe kake n'kosavuta, koma sopo wamtanda wochapira zovala musiyeni. Amaumitsa tsitsi gwa, ndipo amasiya zoyera m'mizere. Pezani botolo la pulasitiki lopanda kanthu, muboole chitsekerero ndi msomali. Thiranimo shampu gawo limodzi, madzi ofunda magawo 3 kapena 4, n'kukhutchumula. Shampu wosasungunula amakanirira m'zingwe, satsukuluzika, ndipo iyeyo payekha amayabwitsa. Gawani meshiyo panayi, muzifinyira madzi a shampuwo m'mizere, pakhungu penipeni. Tikitani ndi mimba za zala motsatira mzere, osati ndi zikhadabo, osatinso mozunguza ngati mukuchapa tsitsi lomasula. Zingwezo musazipikitse. Thovu likamatsika potsukuluza limazichapa lokha, inu n'kumangozifinya pang'onopang'ono kuchokera kumtunda kupita kunsonga.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachilabadira. Meshi ikanyowa imalemera kwambiri, ndipo tsitsi lonyowa ndi losalimba. Mukawerama pa beseni zingwe zonse zili lende, kulemera konseko kukukoka mizu yomwe ija. Imirirani kapena khalani pa mpando, muzithira madzi ndi kapu kuchokera pamwamba, dzanja lina litanyamula zingwe. Tsukuluzani mpaka madzi atayera, kenako kulungani ndi thaulo kapena malaya akale a thonje n'kufinya, osapotokola. Kuchapa kotere kamodzi pa masabata 2 n'kokwanira. Amene mumagwira ntchito ya thukuta, kaya m'minda ya tiyi kaya pamsika, pakati pa sabata mutha kupukuta m'mizere ndi kansalu konyowa.

Zodzola ndiye pamene timasokoneza. Mafuta safewetsa tsitsi louma, ntchito yake ndi kutsekera chinyontho chimene chilimo kale. Mukapaka vaselini wambiri pamutu pouma, mwangoitana fumbi, ndipo patsinde pa chingwe pamaundana phala loyera lija limene limadula tsitsi pomasula. Yambani ndi madzi. M'kabotolo kopopera thiranimo madzi owiritsa ozizira theka la kapu, gilisalini kasupuni ka tiyi kamodzi, ndi kondishina wosatsukuluza pang'ono ngati muli naye. Poperani m'mizere ndiponso m'zingwe mpaka pamene pakuthera tsitsi lanu, chifukwa meshi ya kumunsiko ndi pulasitiki, simva ludzu. Lingonyowa pang'ono, lisamachite kudontha. Mukatero dontheza mafuta opepuka pa chala, a kokonati kapena a maolivi, n'kusisita. Kawiri kapena katatu pa sabata basi. Mafuta a nsatsi ndi olemera, pang'ono chabe m'mphepetemo. Zosakanizazo muzipanga zochepa zoti zithe m'masiku owerengeka, zikakhalitsa zimawonongeka. Mapeyala ndi mazira zija ena amapaka, dikirani mutamasula. M'meshi zimatsalira n'kuola.

Pogona mangani kansalu koterera ka satini. Duku la chitenje limamwa mafuta ndipo limakhula m'mphepete, makamaka mukalimanga mothina. Ngati mumasenza ndowa, yalani zingwe zigone bwino pansi pa nkhata, zisapindikire malo amodzi.

Kuyabwako kukapanda kusiya mutachapa bwino, ganizirani za meshi yeniyeniyo. Ena khungu lawo siligwirizana ndi mankhwala amene amakhala pa meshi yatsopano, ndipo iwowa kuyabwa kumayamba tsiku loyamba kapena lachiwiri, mpaka m'khosi ndi m'makutu momwe zingwe zikukhudza. Ulendo wina muyambe mwaiviika m'madzi ofunda othira viniga pang'ono kwa mphindi 20, muitsukuluze, iume, ndiye mukalukitse. Koma mukaona zilonda zotuluka mafinya, kapena malo ozungulira othothoka tsitsi okhala ndi mfundu ngati chipere, masulani zonse mupite kuchipatala. Pamenepo mafuta sathandiza.

Meshi imeneyi isapitirire masabata 6, mukalimbikira 8. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndiye chingwe chimayamba kulendewera pa tsitsi latsopanolo n'kumalipota. Tsiku lomasula ndi limene ambiri amataya tsitsi limene analisunga bwinobwino. Munthu amayoyola tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku, ndipo likakhala lolukidwa lilibe kogwera. Pa masabata 6 ndiye kuti loposa 2,000 latsekeredwa m'zingwemo. Mukathira madzi musanalichotse, limapiringizana ndi lamoyo n'kupanga mfundo zofuna lumo. Choncho chingwe chilichonse mukamasula, pakani kondishina kapena mafuta patsinde pamene pali phala paja, mumwaze ndi zala, kenako chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga kukwera kumizu. Mutu wonse ukapeseka ndiye muchape. Mpira wa tsitsi umene utsale m'manjawo usakuopseni ngati ndi lalitali. Lodukaduka lalifupi lodzaza pamapewa ndi limene likusonyeza kuti linauma kwambiri. Mulipumitse sabata imodzi kapena 2 musanalukitsenso, ndipo kutsogoloko ngati sikunayambe kumera, lukani tsitsi lanu lokha popanda meshi.