Invoisi imodzi yalowa kawiri m'mabuku: musaifufute, ibwezeni

"Moni. Ndimasunga mabuku a ndalama pa kampani yaing'ono. Ndapeza kuti invoisi ya amene anatikonzera makina inalowa kawiri m'mwezi wa Malichi, ndipo mweziwo tinatseka kale. Abwana akuti ndingofufuta imodzi nkhani ithe. Koma odita akubwera posachedwa. Ndikonze bwanji, nanga ndikawaonetse chiyani?"

Zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kufunsa musanakhudze kalikonse. Musafufute. Abwana anu akufuna manambala awongoke, ndipo kufufuta kungawongoledi manambala, koma kumasiya mpata pa mndandanda wa zolowetsa. Nambala 311 ilipo, 313 ilipo, 312 yasowa. Odita akaona mpata wotere sangadziwe ngati munachotsa cholakwika chabe kapena munabisa china chake, ndipo inu simudzakhalanso ndi choti muwaonetse. Njira yoyenera ndi kusiya cholakwikacho pomwe chili, n'kulemba cholowetsa chatsopano chochibweza, kuti aliyense wowerenga aone kulakwa ndi kukonza kwake pamodzi.

Koma musanabweze, tsimikizani kuti invoisiyo ndi imodzidi. Ndalama zofanana si umboni. Sapulaya amene amakonza makina mwezi ndi mwezi akhoza kutumiza ma invoisi awiri a ndalama zofanana ndendende pa ntchito ziwiri zosiyana. Tengani mapepala a zolowetsa zonse ziwiri muwaike pamodzi. Onani nambala ya invoisi, tsiku lake, nambala ya oda, ndi chikalata chosonyeza kuti ntchito inagwiridwa. Kenako pemphani sitetimenti kwa sapulayayo. Ngati m'mabuku ake invoisiyo ikuoneka kamodzi pomwe mwa inu ikuoneka kawiri, umenewo ndiye umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse, chifukwa wachokera kunja kwa kampani yanu. Odita amakhulupirira pepala la kunja kuposa la mkati.

Simunanditumizire manambala, choncho ndiika anga kuti tikhale ndi pogwira. Tinene kuti invoisi ndi `INV-0457`, ya pa 12 Malichi. Ntchito ndi 400,000, msonkho 60,000, zonse pamodzi 460,000. Inalowa koyamba pa 14 Malichi kuchokera pa kope limene linabwera pa imelo. Pa 29 Malichi pepala lenileni linafika, mnzanu wina n'kulilowetsanso, koma iye analemba nambala ngati `457`. Apa ndi pamene zambiri zimalakwikira. Mapulogalamu ambiri a akaunti amachenjeza ngati nambala ya invoisi yabwerezedwa kwa sapulaya yemweyo, koma kwa kompyuta `INV-0457` ndi `457` ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nayo thirayo balansi, mndandanda woyesera ngati ma debiti onse akulingana ndi ma kirediti onse, singakuuzeni kanthu, chifukwa cholowetsa chachiwiricho chili ndi debiti ndi kirediti zofanana. Mabuku amaoneka olingana bwinobwino, pomwe ndalama zokonzera makina zakwera ndi 400,000 ndipo ngongole yanu kwa sapulaya yakwera ndi 460,000.

Funso lachiwiri ndi lofunika kwambiri kuposa loyambalo: kodi ndalama zinatuluka kangati? Pitani pa sitetimenti ya ku banki, osati m'buku lanu. Ngati simunalipire, kapena munalipira kamodzi, vuto lili m'mabuku mokha. Koma ngati munalipira kawiri, malipiro achiwiriwo musawabweze m'mabuku, chifukwa anachitikadi ndipo banki ikuwaonetsa. Mubweza invoisi yobwereza yokha. Mukatero akaunti ya sapulaya idzatsala ndi debiti ya 460,000, kutanthauza kuti tsopano iye ndiye ali ndi ngongole kwa inu. Mulembereni kalata kuti abweze ndalamazo kapena avomere kuzichotsa pa invoisi yotsatira, ndipo yankho lake mulisunge.

Tsopano kubweza kwenikweniko. Bwezani cholowetsa chachiwiri, cha pa 29 Malichi, poti ndicho chili ndi nambala yolakwika ndipo choyambacho chinali cholondola pa tsiku limene chinalowa. Pokhapokha ngati malipiro analumikizidwa kale ku chachiwiricho, pamenepo yambani mwamasula malipirowo ndi kuwalumikiza ku choyamba. Chobwezacho chikhale ngati kalilole wa cholakwikacho: ma akaunti omwewo, ndalama zomwezo, khodi ya msonkho yomweyo, dipatimenti yomweyo, kungosinthanitsa mbali.

```
Dr  Sapulaya (ngongole)      460,000
    Cr  Kukonza makina           400,000
    Cr  Msonkho wa pa zogula      60,000
```

Musaphatikize mizere iwiri ya kirediti kukhala umodzi wa 460,000 pa akaunti ya kukonza makina. Mukatero ngongole ya sapulaya iwongoka, koma akaunti ya kukonza makina itsika mopitirira ndi 60,000 ndipo msonkho utsala wowirikiza. Ndakuonapo kulakwitsa kumeneku kangapo, ndipo kumavuta kukupeza chifukwa mabuku amalinganabe.

Chinanso, bwezani kudzera pa khomo limene cholakwikacho chinalowera. Ngati invoisi inalowa m'gawo la ma sapulaya, gwiritsani ntchito batani lobwezera la m'gawo lomwelo, limene m'mapulogalamu ena limalembedwa `Reverse`, kapena lembani chikalata chochotsera ngongole pa akaunti ya sapulaya yemweyo. Mukangolemba jenolo, cholowetsa cha pamanja, molunjika mu leja yaikulu, buku la ma akaunti onse, chiwerengero chonse cha ngongole chitsika, koma pa mndandanda wa ma invoisi osalipira `457` idzakhalabe ikudikira. Tsiku lina munthu wolipira ma sapulaya adzaiona n'kuilipira. Mukamaliza kubweza, lumikizani chobwezacho ndi invoisi yobwerezayo kuti ziwirizo zitsekane.

Nkhani ya tsiku ndiyo imafuna kuganiza pang'ono. Poti Malichi munatseka, ikani tsiku la m'mwezi umene uli wotsegula, tinene 9 Epulo, tsiku limene mwakonza. Zotsatira zake muzidziwe ndipo muwauze abwana: lipoti la Malichi likhalabe ndi ndalama zogwiritsa ntchito zochuluka ndi 400,000, la Epulo lichepa ndi 400,000 yomweyo, koma chiwerengero cha chaka chonse chikhala cholondola. Kutsegulanso mwezi wotsekedwa kumatheka, koma kumafuna chilolezo cholembedwa cha amene ali ndi udindowo, ndipo ine sindikulimbikitsa ngati malipoti a mweziwo anagawidwa kale, chifukwa pamakhala malipoti awiri a Malichi osagwirizana.

Zimasintha ngati chaka chanu cha ndalama chinatha pa 31 Malichi. Ngati malipoti a chaka sanasainidwe, kukonzako kuyenera kulowa m'chaka chathacho, ndipo poti odita akubwera, mwina pamenepa ndi pomwe muli. Ngati anasainidwa kale, funso limakhala la kukula kwa cholakwikacho poyerekeza ndi malipoti onse. Kwa amene amatsatira malamulo a padziko lonse a kalembedwe ka malipoti a ndalama otchedwa IFRS, lamulo la IAS 8 limati cholakwika chachikulu cha zaka za m'mbuyo chikonzedwe posintha manambala a chaka chimenecho pamene akuonetsedwa moyerekeza m'malipoti atsopano. Chaching'ono chimakonzedwa m'chaka chimene muli. Kukula kwake musagamule nokha, kambiranani ndi mkulu wa za chuma.

Msonkho nawo uli ndi njira yake. Ngati fomu ya msonkho ya Malichi inapita kale, ndiye kuti 60,000 munaiwerengera kawiri, ndipo kubweza m'mabuku sikusintha fomu imene inaperekedwa. Malamulo okonzera fomu amasiyana dziko ndi dziko, kwina amalola kukonza pa fomu yotsatira, kwina amafuna kukonza yakaleyo. Tsatirani la kwanu, ndipo chimene mwachita muchilembe.

Tibwere kwa odita. Lamulo lawo la ISA 240 limawauza kuti ayese ma jenolo ndi zosintha zina m'mabuku, ndipo amayang'anitsitsa zolembedwa pamanja, zochepetsa ndalama zogwiritsa ntchito, ndi zolowa pafupi ndi nthawi yotseka. Chobweza chanucho chili ndi zizindikiro zimenezi, choncho yembekezani kuti achisankha. Si kuti akukukayikirani. Chimene akufuna ndi kutsatira nkhani yonse popanda kudalira kukumbukira kwanu.

Yambani ndi mawu ofotokozera pa cholowetsacho. Mawu akuti "kukonza" okha sathandiza aliyense. Lembani motere: "Kubweza cholowetsa nambala 312 cha pa 29 Malichi, chimene chinabwereza invoisi INV-0457 yolowa kale pa nambala 268 pa 14 Malichi." Munthu amene sanakuonenipo akhoza kupeza zolowetsa zitatu zonsezo ndi chiganizo chimodzi chimenechi. Ngati pulogalamu ikulola kuwonjezera ndemanga, ikaninso pa 312 nambala ya chobwezacho, kuti njira iyende mbali zonse ziwiri.

Kenako lembani pepala limodzi, lisapitirire tsamba. Linene chimene chinachitika, amene anazindikira, tsiku ndi njira imene anazindikirira, ma akaunti ndi miyezi imene yakhudzidwa, ngati ndalama zinatuluka kawiri kapena ayi, ndi za msonkho. Kumbuyo kwake mumate invoisi, zosindikiza za zolowetsa 268 ndi 312, sitetimenti ya sapulaya, tsamba la sitetimenti ya ku banki, ndi akaunti ya sapulaya monga inalili musanakonze komanso mutakonza. Akaunti ya sapulaya monga ilili panopa muisindikize lero musanabweze, chifukwa ambiri amaikumbukira mochedwa. Pansi pasainidwe ndi anthu awiri, wokonza ndi wovomereza, aliyense ndi tsiku lake, ndipo wovomereza asaine chobwezacho chisanalowe. Chonde musalembe tsiku la m'mbuyo pa siginecha. Kompyuta imasunga tsiku ndi nthawi yeniyeni, ndipo masiku osagwirizana amadzetsa mafunso oopsa kuposa invoisi yobwereza.

Mukalowetsa, yesani ntchito yanu. Ngongole ya sapulaya ifanane ndi sitetimenti yake, ndipo mndandanda wa ma sapulaya onse ufanane ndi akaunti ya ngongole mu leja yaikulu. Ngati kusiyana kumene kunali 460,000 kwasanduka 920,000, munasokoneza mbali ndipo invoisi yalowa kachitatu. Ngati kusiyana kwa 460,000 kwatembenukira mbali ina, mwabweza kawiri, mwina inu ndi mnzanu uja aliyense payekha.

Odita akamaliza kuwerenga adzafunsa kuti, "Zilipo zina zotere?" Konzekerani funso limeneli. Tulutsani ma invoisi onse a chaka, muwasanje potsatira sapulaya ndi ndalama, muone amene akufanana, makamaka amene manambala ake akusiyana pa zilembo kapena ziro wa kutsogolo. Zotsatira zake muziike m'failo yomweyo ngakhale musapeze kanthu. Pa mzere womaliza wa pepala lija lembani chimene mwasintha: nambala ya invoisi izilembedwa ndendende monga ilili pa pepala, ndipo invoisi iliyonse ikalowa izidindidwa ndi kulembedwa nambala ya cholowetsa chake, kuti pepala lofika mochedwa lisaonekenso ngati latsopano.