Kampani ya VPN ikati sisunga chilichonse, muyambe mwafunsa za buku la mlonda

"Achimwene, ndikufuna kuyamba kulipira VPN chifukwa ntchito yanga ndimagwirira pa Wi-Fi ya m'malo ogona alendo. Koma kampani iliyonse yomwe ndaiona ikulemba kuti `no logs`, ina ikuti inawunikidwa ndi akatswiri, ina ikudzitama kuti ili ku Panama. Zoona ndi ziti pamenepa? Madola ndi osowa, sindikufuna kutaya."

Achemwali, tiyambe ndi geti la pa ofesi iliyonse m'tauni. Mukafika, mlonda amakupatsani buku kuti mulembe dzina, komwe mwachokera, nthawi yolowa, ndipo potuluka mulembenso nthawi. Mlondayo sadziwa zimene munakambirana ndi abwana m'katimo. Atafunsidwa anganene mosanama kuti iye samvetsera nkhani za alendo. Koma tsiku limene katundu wasowa pa ofesipo, apolisi amangotenga bukulo n'kuona amene anali m'kati nthawi imeneyo.

VPN imabisa zomwe mukuchita pa intaneti pozidutsitsa pa kompyuta ya kampani yotchedwa seva, ndipo makampani a VPN ali ndi mabuku a mitundu iwiri ngati imeneyi. Loyamba ndi la zimene mukuchita: masamba omwe mwatsegula ndi zomwe mwatsitsa. Pa tsamba la kampani amalitchula `activity logs`, ndipo pafupifupi aliyense wolipiritsa amati alibe. Lachiwiri ndi buku la mlonda lija, `connection logs`: nambala ya IP yomwe mwachokera, yomwe ili ngati adiresi yanu pa intaneti, nthawi yomwe mwalumikiza, nthawi yomwe mwadula, ndi seva yomwe munadzera. Kampani ikhoza kulemba `no logs` ndi zilembo zazikulu ikunena za buku loyamba lokha, lachiwirilo ili nalo m'kabati.

Zimenezi zinachitikadi. M'chaka cha 2017 a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku Amereka, anagwira mwamuna wina ku Massachusetts yemwe ankazunza mayi wina kudzera pa intaneti. Iye ankabisala kuseli kwa PureVPN, kampani yomwe nthawi imeneyo inali ku Hong Kong ndipo inkalengeza kuti sisunga zolemba. Kampaniyo sinapereke mndandanda wa masamba omwe anatsegula. Inangouza ofufuza kuti kasitomala mmodzi yemweyo ankalumikiza kuchokera pa ma IP awiri, ina ya kunyumba komwe ankakhala, ina ya kuntchito kwake. Zinakwanira. Munthuyo sindimumvera chisoni ngakhale pang'ono, koma onani mmene chingwe chinalumikizikira. Tsamba lomwe munthu watsegula limalemba kuti IP yakuti ya VPN inabwera, tinene, 9 koloko usiku. Kampani ya VPN imaona m'buku mwake amene anali pa seva imeneyo kuyambira 8:50 mpaka 9:30, ndi IP yake yeniyeni. Kampani ya intaneti kapena ya foni imadziwa mwini wa IP imeneyo, ndipo kwathu kuno simu khadi inalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Mabuku atatu akaikidwa pamodzi, dzina latuluka. PureVPN inadzasintha malamulo ake n'kuitana owunika pambuyo pake, koma phunziro linatsala.

Choncho musawerenge tsamba loyamba la kampani, ndi la otsatsa malonda limenelo. Tsikirani pansi penipeni, mutsegule `Privacy Policy`, mufufuze mawu awiri: `IP address` ndi `timestamp`. Chimene mukufuna ndi chiganizo chomveka chakuti sasunga IP yomwe mwachokera ndiponso sasunga nthawi yolumikiza. Mukapeza zoti amasunga kwa masiku angapo kuti akonze zovuta, ndiye buku la mlonda lilipo, angoti amaliwotcha pakapita nthawi. Kampani yoona mtima imanenanso zochepa zomwe imasunga, monga imelo yanu ndi risiti ya malipiro. Yomwe ikuti sidziwa kalikonse za inu pamene yalandira ndalama kudzera pa khadi yanu ya kubanki, ikukunyengererani.

Tsono lonjezo ndi lonjezo basi. Inu ndi ine sitingalowe m'seva yawo kukaona. Apa ndi pamene pamabwera nkhani ya owunika, ndipo ndi pamene ambiri amapusitsidwa, chifukwa mawu akuti "tinawunikidwa" amaphimba zinthu ziwiri zosiyana.

Pali kuwunika kwa pulogalamu, pamene akatswiri ngati a Cure53 a ku Germany amapatsidwa pulogalamu ya pa foni kapena pa kompyuta kuti aisake ziboo zomwe mbava zingalowere. Ndi ntchito yabwino, koma siyankha funso lanu. Pulogalamu ikhoza kukhala yolimba ngati chitsulo, seva n'kumalembabe aliyense wolowa. Kuwunika komwe kumakhudza lonjezo la `no logs` ndi kwina: owunika amayang'ana mmene maseva anakonzedwera, amafunsa ogwira ntchito, n'kulemba ngati zomwe aona zikugwirizana ndi zomwe kampani imalonjeza. NordVPN inachititsa kuwunika kotere ndi makampani akuluakulu owunika mabuku a makampani ena: PwC mu 2018 ndi 2020, kenako Deloitte kuyambira 2022. Proton VPN imawunikidwa ndi kampani ya Securitum kuyambira 2022. Mukatsegula lipoti, pitani pa gawo lofotokoza malire a ntchito, lomwe nthawi zambiri limalembedwa `Scope`. Ngati likungotchula pulogalamu ya Android kapena chida chowonjezera pa bulawuza, lipotilo silikunena kanthu za buku la mlonda.

Kenako yang'anani deti. Owunika amabwera kwa masiku kapena masabata ochepa, n'kupita. Ali ngati oyendera sukulu: tsiku lomwe akubwera, bwalo limasesedwa. Lipoti limanena za zomwe zinalipo masiku amenewo, pa maseva omwe anaonetsedwa, ndipo wolipira ntchitoyo ndi kampani yomwe ikuwunikidwayo. Sindikuti n'zopanda pake. Kampani ngati Deloitte ili ndi mbiri yoti iteteze, singasaine chinthu chomwe yaona kuti ndi bodza. Koma lipoti limodzi la zaka zinayi zapitazo ndimaliwerengera pang'ono, makamaka ngati kampaniyo inagulitsidwa pakatipa. Zogulana zimachitika kwambiri m'malonda awa: Kape Technologies inagula CyberGhost mu 2017, Private Internet Access mu 2019, ndi ExpressVPN mu 2021. Kuwunika kobwerezedwa chaka ndi chaka kumalemera koposa, chifukwa kusesa bwalo chaka chilichonse pamaso pa alendo n'kovuta kusiyana ndi kusesa kamodzi. Ndipo ngati lipoti lenileni sakulionetsa, akungoonetsa chizindikiro cha owunika ndi ndime imodzi yoyamikira, ine ndimadutsa.

Umboni womwe ndimaukhulupirira kuposa lipoti ndi wa tsiku limene apolisi anagogodadi. Mu Epulo 2023 apolisi a ku Sweden anafika pa ofesi ya Mullvad mu mzinda wa Gothenburg ali ndi chikalata cha chipikisheni, kufuna makompyuta okhala ndi zambiri za makasitomala. Malinga ndi kampaniyo, inawaonetsa mmene makina ake amagwirira ntchito ndi kuti zomwe ankafunazo kulibe, ndipo anabwerera chimanjamanja. Ku Turkey, ofufuza za kuphedwa kwa kazembe wa dziko la Russia mu Disembala 2016 analanda seva ya ExpressVPN osapezamo zolemba zowathandiza. Private Internet Access inaitanidwa pa mlandu wina wa FBI mu 2016, ndipo chomwe inatha kunena n'chakuti ma IP omwe ankafunsidwawo anali a kum'mawa kwa Amereka, basi. Lembani dzina la kampani yomwe mukuiganizira pamodzi ndi mawu ngati `court`, `subpoena` kapena `seized` pofufuza, muone chomwe chituluke.

Mwaona kuti ndatchula Sweden ndi Amereka? Awa ndi mayiko omwe otsatsa VPN amakuopsezani nawo. Amereka ili m'gulu la mayiko asanu ogawana zaukazitape, pamodzi ndi Britain, Canada, Australia ndi New Zealand, ndipo Sweden ili m'gulu lokulirapo la mayiko 14. Koma makampani a kumeneko ndi omwe analibe chopereka, pamene ya ku Hong Kong, kunja kwa magulu onsewa, ndi yomwe inapereka. Mbendera yokha siteteza munthu. Chomwe sichinalembedwe sichingalandidwe, kaya khothi ndi la kuti.

Dziko lili ndi ntchito yake ndithu, koma funso lake ndi lina: kodi lamulo la kumeneko limakakamiza kampani ya VPN kusunga buku, kapena lingailamule kuti iyambe kulemba mwachinsinsi? Ku India mu 2022 bungwe la boma la CERT-In linalamula kuti makampani a VPN azisunga mayina a makasitomala ndi ma IP awo kwa zaka zisanu. ExpressVPN, NordVPN ndi Surfshark anachotsa maseva awo m'dzikomo osafuna kumvera. Apa pakuonekanso kuti dziko lomwe seva yakhala ndi lofunika mofanana ndi dziko lomwe kampani inalembetsedwa. Kampani ya ku Panama ikhoza kukhala ndi ogwira ntchito ku Ulaya, n'kumachita lendi maseva m'mayiko makumi angapo, ndipo seva iliyonse ili pansi pa apolisi a komwe ili. N'chifukwa chake ndimakonda makampani omwe maseva awo amayendera pa RAM yokha, opanda disiki, moti akazimitsidwa zonse zimafufutika. Zimenezinso zionekere m'lipoti la owunika, osangoti pa tsamba lotsatsa.

Ngakhale Switzerland, yomwe anthu amaitama, ili ndi makhothi. Mu 2021 Proton, yomwe ili m'dzikomo, inalamulidwa ndi akuluakulu a kumeneko kuti ilembe IP ya munthu wina wa ku France womenyera za chilengedwe yemwe ankagwiritsa ntchito imelo yawo, ndipo inamvera. Kampaniyo imati lamulo la dzikolo limaona VPN mosiyana ndi imelo ndipo silingaikakamize kulemba za VPN. Mfundo yanga ndi yakuti palibe kampani yomwe abwana ake adzapite kundende chifukwa cha madola anu ochepa a pamwezi.

Kunena zoona, Achemwali, pa vuto lanu la Wi-Fi ya malo ogona alendo, mdani wanu ndi mwini netiweki ndi mlendo mnzanu wa chipinda chinacho, osati akazitape a mayiko 14. Pamenepo kampani iliyonse mwa zomwe zili ndi lipoti laposachedwa ikukwanirani, ndipo za Panama musazitayire tulo. Ngati ntchito yanu ili yoti dzina lanu likatuluka mungavutike, monga utolankhani, ganiziraninso za malipiro. Mullvad safunsa imelo, amangokupatsani nambala ya akaunti ya manambala 16, mtengo wake ndi mayuro 5 pamwezi, ndipo amalandira ngakhale ndalama za m'envelopu. Mukalipira ndi khadi, banki ndi kampani yodutsitsa malipiro zimadziwa kuti munagula, ngakhale sizidziwa zomwe mukuchita.

Pa za madola, musakopeke ndi mtengo wotsika wa zaka ziwiri musanayese. Lipirani mwezi umodzi, mulumikize pa netiweki yomwe mumagwiritsa ntchito masiku onse, muone ngati liwiro likukwanira kudzera pa seva ya ku Johannesburg, yomwe makampani ambiri ali nayo ndipo ili pafupi nafe. Mutsegule `dnsleaktest.com` VPN ili yoyaka; mukaona dzina la kampani yanu ya intaneti pa zotsatira, ndiye kuti mafunso a masamba omwe mukutsegula akudutsa kunja kwa VPN. Mukatero mulowe mu akaunti muzimitse zoti azidula okha ndalama mwezi ukatha, chifukwa mtengo wopitirizira ukhoza kukhala wokwera kuposa womwe munalowera.