Mtengo ukukwera, nanga akale muwauza bwanji?

"Ndili ndi anthu 100 amene amalipira mwezi ndi mwezi kuti aziwerenga zolemba zanga. Ndikufuna kukweza mtengo kuchoka pa 10 kufika pa 12, koma akalewa ndiwapatse mwayi wotsalira pa pulani yakale. Imelo yake ndilembe bwanji kuti asandithawe?"

Choyamba musazungulire ayi. Mutu wa imelo unene kuti mtengo ukusintha, ndipo mizere iwiri yoyamba ikhale ndi mtengo wakale, watsopano ndi tsiku lomwe ziyambe. Zija zoyamba ndi ndime zitatu zothokoza, munthu amadziwiratu kuti pakubwera chinachake ndipo amayamba kukwiya asanafike pa nkhani yeniyeni. Tumizani kudakali masiku 30 kapena kuposa, kenako kachikumbutso kukatsala sabata.

Zifukwa perekani chimodzi kapena ziwiri zoona, monga kuti seva yakwera mtengo kapena mwalemba ntchito mkonzi. "Kuti tikutumikireni bwino" si chifukwa chimenecho, aliyense amalemba choncho.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa pulani yakaleyo. Kungoti "akale mukhalabe pa mtengo wakale" ndi lonjezo lopanda malire, ndiye pakatha zaka ziwiri mukadzafuna kusintha adzakutulutsirani imelo yomweyo nkukufunsani kuti nanga izi analemba ndani. Nenani mpaka liti, munthu achite chani kuti atsalire, komanso mwayiwo umatha bwanji. Mwachitsanzo: "Mukadina batani ili pasanafike pa 1 Okutobala, muzilipirabe 10 kwa miyezi 12. Mukasiya nkudzabweranso, mudzalowa pa 12." Nanga khadi ikakana kulipira mwezi wina, ameneyo wasiya kapena ayi? Gamulani panopa, ine ndimaona kuti kumupatsa masiku angapo akonze ndiye chilungamo.

Tsiku lothera lija lilinso ndi minga yake. Netflix itakweza mtengo mu 2014 inasiya akale pa mtengo wakale kwa zaka ziwiri, koma nthawi itakwana mu 2016 ena anangoona ngati akwezeredwa mwadzidzidzi ndipo osiya anachuluka kuposa momwe kampaniyo inkayembekezera. Ndiye mudzawakumbutsenso nthawiyo ikamayandikira.

Masamu ake nawa. Pano mumapeza 1,000 pamwezi. Onse atapita pa 12, mutha kutaya anthu 16 osaluza, chifukwa 84 kuchulukitsa ndi 12 ndi 1,008. Koma 60 akatsalira pa 10, 30 nkukwera, 10 nkuchoka, mupeza 960, mwatsika! Nchifukwa chake ena amati wofuna mtengo wakale alipiriretu chaka chonse, ndalama ilowe lero.

Musanatumize yang'anani sisitimu yolipirira. Pa Stripe mwachitsanzo, kupanga mtengo watsopano sikusuntha akale, amakhalabe pomwe anali mpaka muwasamutse nokha, ndiye onetsetsani kuti amene anadina batani lija asasamutsidwe limodzi ndi enawo.